Chifukwa chake fulashi imadetsa theka la chithunzi

Pali vuto limene limagwera pafupifupi wojambula aliyense amene wangoyamba kuchotsa fulashi pamwamba pa kamera n'kuiimika payokha pa sitandi. Zonse zimaoneka kuti zili m'malo mwake. Tiriga yayaka, fulashi yathwanima, mkwatibwi wamwetulira. Koma poyang'ana pa sikirini, nkhope ndi mapewa zikuwala bwino pamene kuyambira m'chiuno kutsika m'munsi kuli bii, ndipo malire a kuwala ndi mdimawo ndi owongoka kuchoka mbali ina kukafika mbali inayo. Ena amayamba kudandaula kuti anawagulitsa kamera yakufa. Ena amasintha mabatire, kupukuta lenzi, kuwonjezera mphamvu ya fulashi, koma mdima uja osasuntha.

Kamerayo ndi yabwinobwino, fulashinso ndi yabwinobwino. Chimene mukuona pachithunzipo ndi mthunzi wa chitseko cha m'kamera mwanu momwemo, chimene chagwidwa chili pakati pa ulendo wake. Munthu akamvetsa mmene chitsekocho chimayendera, vutoli amalithetsa pongotembenuza kagudumu kamodzi, ndipo amayambanso kumvetsa mmene angasakanizire kuwala kwa fulashi ndi kuwala kwa pamalo.

Makatani awiri

Kutsogolo kwa sensa, komwe ndi kachipangizo kolandira kuwala m'kamera, kuli shata. M'makamera ambiri osintha malenzi shatayi ili ndi makatani awiri opangidwa ndi timasamba topyapyala kwambiri. Musanajambule, katani yoyamba imakhala itaphimba sensa yonse. Mukadina batani, katani yoyambayo imatsika n'kuvundukula sensa. Nthawi imene munatchera ikakwana, katani yachiwiri imatsika m'njira yomweyo n'kuiphimbanso.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti makataniwa sathamanga kwambiri mukatchera 1/4000 kusiyana ndi mukatchera 1/30. Liwiro lawo ndi limodzimodzi nthawi zonse. Chimene chimasintha ndi kudikira kwa katani yachiwiri isanayambe kulondola inzake. Pa 1/30 imadikira nthawi yaitali, moti yoyamba imafika pansi, sensa yonse n'kukhala poyera kwa kanthawi ndithu. Pa 1/4000 yachiwiri imanyamuka yoyamba itangosuntha pang'ono, ndipo zimatsika motsatana, pakati pawo pali kampata kowonda kamene kamasesa sensa kuchoka pamwamba mpaka pansi. Gawo lililonse la sensa limaona kuwala kwa 1/4000 ya sekondi, koma palibe mphindi imene sensa yonse imaona kuwala nthawi imodzi.

Pojambula ndi dzuwa kapena magetsi a m'holo, zimenezi sizivuta, chifukwa kuwalako kulipo nthawi yonse imene kampatako kakuyenda. Fulashi ndi ina. Imathwanima kamodzi, mwachidule kwambiri: pa mphamvu yonse ndi cha m'ma 1/1000 ya sekondi kapena kutalikirapo pang'ono, ndipo mukaichepetsa mphamvu imafupikirafupikira. Ganizirani zenera usiku wa mvula, munthu wina akutsegula katani kwinaku mnzake akutseka ina pambuyo pake. Ching'aning'ani chikang'anima, kuwala kumalowa pokhapo pamene pali potseguka pa mphindi imeneyo. Pamene paphimbidwa kale sipaona kanthu.

Kamera imauza fulashi kuti ithwanime katani yoyamba ikangofika pansi. Funso ndiye ndi lakuti, pa mphindi imeneyo katani yachiwiri ili pati? Ngati sinanyamuke, chithunzi chonse chiwala. Ngati yayamba kale ulendo, gawo limene yaphimba likhala lopanda fulashi. Liwiro lalikulu kwambiri limene sensa imakhalabe yotseguka yonse ndiwo malire a kamera yanu. M'buku la kamera kapena pa menyu mumawapeza pa mawu akuti X-sync kapena Flash sync speed.

Chifukwa chake limakhala theka

Tiyeni tiwerengere. Tenga kamera imene malire ake ndi 1/250. Nthawi imeneyi ndi mamilisekondi 4, ndipo kuti masamu aphweke tinene kuti katani imatenga nthawi yomweyo kuti idutse sensa yonse. Mukatchera 1/500, mwauza katani yachiwiri kuti idikire mamilisekondi 2 okha. Ndiye kuti ikunyamuka yoyamba ili pakati pa njira. Yoyamba ikamafika pansi, fulashi n'kuthwanima, yachiwiri yafika pakati. Theka la sensa laphimbidwa, ndipo theka la chithunzi likhala lakuda. Mukapita pa 1/1000, kampata kamakhala gawo limodzi mwa magawo anayi, moti kuwala kumatsala kachigawo kakang'ono m'mphepete. Mukangodutsa malire pang'ono, tinene 1/320, mumaona lamba wakuda wochepa mbali imodzi. Kukula kwa mdimawo kumakuuzani kutalika kwa pamene mwapyolera.

Lenzi imatembenuza chithunzi chadodolido pa sensa. N'chifukwa chake pa makamera ambiri, makamaka a Canon, katani yochokera pamwamba imadetsa m'munsi mwa chithunzi. Pa makamera ena mdimawo umaoneka kumwamba, ndipo mukaimika kamera choimirira umasamukira m'mbali. Amene anagwirako makamera akale a filimu akukumbukira kuti pa kagudumu ka liwiro panali nambala imodzi yokhala ndi chizindikiro chake. Pa Pentax K1000 inali 1/60, pa Zenit inali 1/30. Makatani a makamera amenewo anali ansalu, oyenda chopingasa mtunda wautali, motero mdima unkabwera cha m'mbali ndipo malire anali otsika kwambiri.

Lero malire a makamera ambiri ali pakati pa 1/160 ndi 1/250. Canon 600D, 700D ndi 5D Mark III amalekeza pa 1/200, Canon 6D pa 1/180, ndipo 7D ndi 80D amafika 1/250. Nikon D3200, D5300 ndi D750 ali pa 1/200. Sony A6000 ili pa 1/160 pamene A7 III ili pa 1/250. Nambala ya kamera yanu muyenera kuidziwa pamtima.

Nanga bwanji vutoli silinkaoneka fulashi ili pamwamba pa kamera? Chifukwa pamenepo kamera inkakutetezani mwakachetechete. Fulashi ya mtundu wogwirizana ndi kamera ili ndi timapini tingapo tolankhulirana nayo. Kamera ikamva kuti fulashi yayaka, imakana kudutsa malire ngakhale mutembenuze kagudumu chotani. Tiriga yotchipa yokhala ndi pini imodzi yapakati siuza kamera kalikonse. Imangodikira chizindikiro chakuti "thwanima" n'kuchitumiza. Kamera imaganiza kuti palibe fulashi, ndiye imakulolani kukwera mpaka 1/4000.

Matirigawa alinso ndi kachizolowezi kena. Chizindikiro chikamachoka pa kamera kudzera m'mafunde a wailesi kukafika ku fulashi chimachedwako pang'ono, makamaka mabatire akayamba kufooka. Kuchedwa kumeneko n'kokwanira kuti katani yachiwiri inyamuke, moti mumapeza kamzere kakuda kowonda m'mphepete ngakhale muli ndendende pa 1/200. Ine ndimalangiza kuti ndi tiriga yotere muzitsika pang'ono, muzikhala pa 1/160. Palibe chimene mumataya.

M'holo ya ukwati

Tione mmene zimakhalira pa phwando la ukwati madzulo, nthawi ya perekaniperekani. Wojambula ali ndi kamera ya malire a 1/200, fulashi yotchera pamanja ngati Yongnuo YN560, ambulera yoyera, ndi sitandi imene waimika mamita awiri kuchokera pomwe akwati aima ndi mbale. Watchera ISO 400, f/4, mphamvu ya fulashi 1/16. Poona anthu akuvina n'kumaponya ndalama, akuopa kuti manja atuluka osaoneka bwino, ndiye akukweza shata kufika 1/400. Chithunzi chikutuluka: nkhope za akwati zili bwino, mbale ya ndalama ndi diresi yonse ya m'munsi zamezedwa ndi mdima.

Maganizo ake sanali oipa. Masana, kuti uimitse munthu wothamanga umakwezadi shata. Koma m'holo ya mdima amene amaimitsa kuyenda si shata, ndi fulashi. Pa mphamvu ya 1/16, kuthwanima kwake kumafupika kuposa 1/5000 ya sekondi, ndipo popeza kuwala kwambiri kwa pa anthuwo kukuchokera m'kuthwanimako, ndalama ya pepala imaima m'malere ngakhale shata ili pa 1/125. Akabwerera pa 1/160 mdima uja uchoka, ndipo sataya chilichonse chimene ankafuna.

Tsopano ayese kutsika. Pa 1/160 akwati akuwala bwino koma kumbuyo kwawo kuli mdima, holo ikuoneka ngati mulibe anthu. Pa 1/60 nkhope za akwati sizisintha ngakhale pang'ono, koma timagetsi tokongoletsa, nsalu za kukhoma ndi khamu la abale zayamba kuoneka. Pa 1/30 kumbuyo kwawala kwambiri, koma manja a ovina ayamba kusiya tizithunzithunzi m'mbali, chifukwa magetsi a m'holo tsopano ali ndi nthawi yokwanira kujambula kuyendako. Ena amakonda zimenezi chifukwa zimaonetsa chisangalalo cha gule, koma pa chithunzi cha makolo akupereka mphatso ine ndingaime pa 1/60.

Nkhope sizinasinthe chifukwa kuthwanima konse kunalowa kale, kaya shata inatseguka kwa 1/160 kaya 1/30. Malinga muli pansi pa malire, shata imalamulira kuwala kwa pamalo kokha. Kuwala kwa fulashi mumakulamulira ndi zinthu zina: mphamvu yake, kutseguka kwa lenzi, ISO, ndi mtunda. Mtundawu ndi wofunika kuusamala. Mukasuntha sitandi kuchoka pa mita imodzi kupita pa mamita awiri, kuwala kofika pa munthu sikutsika ndi theka, kumatsala gawo limodzi mwa anayi. Choncho nkhope zikada, yandikizani sitandi kapena kwezani mphamvu. Kumbuyo kukada, chepetsani shata. Wojambula amene wagwira kusiyana kumeneku sasokonezeka ngakhale mwambo ukuthamanga.

Dzuwa likakhala pamutu

M'holo malire a shata savutitsa kwenikweni, chifukwa mdima umakukankhirani kale ku maliwiro otsika. Pamene amapweteka ndi panja, masana. Akwati atuluka m'tchalitchi cha m'ma 11 koloko, dzuwa la Okutobala lili phwee, ndipo zithunzi za pakapinga ziyenera kujambulidwa nthawi yomweyo galimoto zisananyamuke. Dzuwa la pamutu limasiya mithunzi m'maso ndi pansi pa chibwano, ndipo pakhungu lakuda pafupi ndi diresi yoyera mbee kusiyanako kumakula kwambiri. Fulashi ya pambali ndi imene imakonza zimenezi.

Vuto ndi masamu. Padzuwa lowala bwino, pa ISO 100 ndi 1/200, lenzi iyenera kutsekedwa kufika cha pa f/11 kuti diresi ndi thambo zisapse. Simungakweze shata chifukwa cha malire, ndipo ISO pa makamera ambiri yafika kale pansi. Pa f/11 pamabwera zinthu ziwiri. Choyamba, kumbuyo konse kumaoneka bwinobwino, galimoto zoimikidwa ndi mpanda womwe, pamene makasitomala ambiri amafuna kumbuyo kosungunuka. Chachiwiri, fulashi yaing'ono imafika pothera mphamvu zake. Ya mabatire anayi, pa mphamvu yonse yopanda ambulera, imakwanitsa f/11 pa mamita atatu kapena kuchepera. Mukaika ambulera muyenera kuisendeza kufika mita imodzi ndi theka, mwinanso pafupi kuposa apo.

Njira imene opanga makamera anakonza ndi imene pa fulashi imalembedwa HSS kapena kachizindikiro ka mphezi ndi chilembo H, ndipo pa menyu ya Nikon imatchedwa Auto FP. M'malo mothwanima kamodzi, fulashi imaphethira mofulumira kwambiri kambirimbiri motsatizana, kuyambira pamene katani yoyamba ikunyamuka mpaka yachiwiri itafika. Kwa kanthawi kameneko imakhala ngati nyali yosazima, motero kampata kaja kamapeza kuwala paliponse pamene kadutsa. Mdima umatha, ndipo mungajambule pa f/4 ndi 1/1600 kapena f/2.8 ndi 1/3200.

Koma pali mtengo wake. Mphamvu yomwe ija tsopano yamwazidwa pa nthawi yaitali, ndipo yambiri ikugwera pa makatani osati pa sensa. Mukangodutsa malire, kuwala kwa fulashi kumagwa ndi theka kapena kuposa, ndipo kuchokera pamenepo kumatsikanso ndi theka nthawi iliyonse imene mwawirikiza liwiro, chimodzimodzi ndi dzuwa. Fulashi imatentha msanga, mabatire amatha, ndipo imachedwa kudzadza pakati pa zithunzi, zimene zimawawa pamene gulu la anamkungwi laima likudikira. Komanso zinthu zitatu ziyenera kugwirizana nazo: kamera, tiriga ndi fulashi. YN560 ilibe HSS. Godox TT600 ili nayo pokhapokha ikulamulidwa ndi tiriga ya Godox yogwirizana ndi kamera yanu. Makamera a Nikon a m'gulu la D3000 ndi D5000 alibiretu Auto FP, ndiye kuwagulira fulashi yodula chifukwa cha HSS n'kutaya ndalama. Ojambula maukwati amene amadalira HSS tsiku ndi tsiku amathera pa mafulashi akuluakulu ngati Godox AD200, chifukwa yaing'ono imalephera kulimbana ndi dzuwa.

Kwa munthu amene thumba lake ndi lochepa, ine ndimaona kuti fyuluta yodetsa ndiyo yanzeru. Ndi galasi lotuwa lomangira kutsogolo kwa lenzi, limene limachepetsa kuwala konse osasintha mtundu wake. Yolembedwa ND8 imalowetsa gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu, ndiye pamene mukanatchera f/11 mumatchera f/4, shata ili pomwe paja pa 1/200. Ya ND16 imakufikitsani pa f/2.8. Fyulutayi imadetsa dzuwa ndi fulashi mofanana, choncho siwonjezera mphamvu ya fulashi, koma siichepetsanso poyerekeza ndi dzuwa monga imachitira HSS. Imagwira ndi tiriga iliyonse, ngakhale ya pini imodzi ija. Kuipa kwake n'kwakuti poyang'anira pa kamera ya galasi pamada, kamera imachedwako kupeza fokasi, ndipo muyenera kukumbukira kuichotsa polowa m'holo.

Ndipo nthawi zambiri njira yachangu kuposa zonse ndi kusuntha anthu. Pansi pa mtengo wa masamba ambiri kapena kuseri kwa khoma la tchalitchi kuwala kumatsika kwambiri, moti f/4 kapena f/5.6 zimatheka pa 1/200 popanda kugula chilichonse. Ngati mthunzi palibe, aimikeni dzuwa lili kumbuyo kwawo, fulashi iwalitse nkhope.

Panja pali msampha umodzi woyenera kuudziwa. Mukadutsa malire padzuwa, gawo lophimbidwa silida bii ngati m'holo, chifukwa dzuwa limalijambulabe kudzera m'kampata kaja. Chimene chimasowa ndi fulashi yokha. Pa sikirini yaing'ono simuona kanthu, koma pa kompyuta mumapeza kuti nkhope ndi chifuwa zawala pamene maluwa a m'manja ndi diresi ya m'munsi zazilala, ndipo pali mzere wowongoka pamene kuwala kukusinthira. Ojambula ena ozolowera amagwiritsa ntchito zimenezi mwadala. Amakwera pa 1/250 kapena 1/320 n'kuonetsetsa kuti gawo lophimbidwalo lagwera pathambo kapena paudzu, pomwe fulashi sinkafunika n'kale.

Kusiyanitsa ndi mavuto ena

Si mdima uliwonse umene umachokera ku malire a shata, ndipo kuyesa kwake n'kosavuta. Imikani fulashi moyang'ana khoma loyera m'chipinda chamdima, mujambule pa 1/125, 1/160, 1/200, 1/250, 1/320 ndi 1/500. Muona pamene lamba wakuda akuyambira, mbali imene akuchokera, ndi mmene akukulira. Liwiro lomaliza limene khoma latuluka loyera lonse ndiwo malire enieni a kamera ndi tiriga yanu pamodzi. Ndi bwino kuchita zimenezi kunyumba tsiku la mwambo lisanafike.

Ngati mdimawo ndi wozungulira ngati uta m'munsi mwa chithunzi, ndipo ukuoneka ndi fulashi yaing'ono ya pakamera, umenewo ndi mthunzi wa lenzi yaitali kapena chipewa chake. Ngati pali mizere ingapo yosinthanasinthana, yowala ndi yoderako, vuto ndi magetsi a pamalopo. Magetsi athu ndi a 50 Hz, ndipo machubu ndi mababu ena a LED amaphethira ka 100 pa sekondi, choncho 1/50 kapena 1/100 imachotsa mizereyo. Ngati chithunzi chonse chada ngakhale mwaona fulashi ikuthwanima, ndipo fulashiyo imayaka poona kuwala kwa inzake, onani ngati ili pa S1 m'malo mwa S2. Kamera imayamba yatulutsa kakuthwanima koyezera, ndipo ya pa S1 imayankha kameneko shata isanatseguke. Pa makamera ambiri opanda galasi, fulashi siyaka n'komwe mukatchera kujambula mopanda phokoso. Koma mdima ukamaoneka ngakhale fulashi itazimitsidwa, makamaka utapendekeka, ndiye kuti tsamba la shata lathyoka kapena lachoka m'malo. Pokhapo ndi pamene kamera iyenera kupita kwa okonza.

Makamera opanda malire amenewa alipo. Amene shata yake ili m'kati mwa lenzi, ngati Fujifilm X100, amatseguka kuchokera pakati n'kuwalitsa sensa yonse nthawi imodzi, motero amalandira fulashi pa 1/1000 popanda lamba. Nikon D40 ndi D70 akale ankafika 1/500, ndipo Sony a9 III, imene inalengezedwa mu 2023, ili ndi sensa yowerenga chithunzi chonse pa mphindi imodzi. Ngakhale pa amenewa pamatsala malire ena: shata ikafupika kuposa kuthwanima kwa fulashi, imadula mchira wa kuwalako, ndipo chithunzi chonse chimaderako mofanana m'malo moda theka.